Gitala yakale ija patatha miyezi khumi: yankho kwa alamu anga

"Alamu, ndamva kuti gitala yakale inagulidwa madola 6 miliyoni. Nanga yanu ija, poti nayo ndi nkhalamba, simwalemera kale osadziwa?"

Alamu, uthenga wanu wandipeza ndikuchokera ku Blantyre kokatenga gitala yomweyo kwa okonza, m'thumba mwachoka K95,000. Ndiye ndikuyankheni pano kuti ndi ena amve nawo.

Ya madola 6 miliyoniyo n'zoona. Inali Martin D-18E ya 1959, imene ankaimba Kurt Cobain wa gulu la Nirvana, ndipo inagulitsidwa pa okushoni mu 2020. Koma anthu sankalimbirana thabwa ayi, ankalimbirana dzina la mwini wake. Ngakhale gitala yopanda mwini wotchuka imatha kukwera mtengo, bola ikhale ya zaka zimene osonkhanitsa magitala akale amazifuna, komanso ikhale yosowa. Martin D-45 za nkhondo yachiwiri isanafike pachimake, kuyambira 1933 mpaka 1942, zinapangidwa 91 zokha. Mbali zake ndi kumsana anagwiritsa ntchito mtengo wa rozi wa ku Brazil, umene malonda ake a pakati pa maiko anatsekedwa mu 1992. Ndiye ofuna ndi ambiri, magitala sakuwonjezereka, mtengo ungatani? Kwa magitala a Fender malire ndi 1965, chaka chimene kampaniyo inagulidwa ndi kampani ina, CBS: opangidwa chakachi chisanafike ndiwo amafunidwa kwambiri. Fender Stratocaster ya 1964 ndi ya 1974 zonse n'zakale, koma pa mtengo sizikhala mphasa imodzi.

Yanga ndi Yamaha FG-180 ya ku Japan, ya chizindikiro chofiira m'kati cholembedwa Nippon Gakki, zopangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1970. Oimba amazikonda, koma zinapangidwa zambirimbiri, ndipo thabwa la pamwamba ndi lomatikiza, osati limodzi lathunthu. Mamiliyoni a madola iwalani. Ndinagula K420,000 kwa bambo wina ku Limbe, amene anandilumbirira kuti palibe chimene chinakhudzidwa chichokereni kufakitale.

Zabwino zake sindichedwapo. Mawu ndi okoma, a pansi amamveka mpaka kubenchi yomaliza m'tchalitchi popanda sipika. Khosi limakwana bwino m'dzanja. Ndi yopepuka.

Vuto linayamba mu Okutobala. Inu a ku Dedza simudziwa kutentha kwa kuno ku Nchalo, kumene masana malata amalira okha ndipo madzi a mu mtsuko amakhala ngati ofunditsa. Gitala ndinkaipachika pa msomali kuchipinda. Ndinayamba kumva kuti zala zikupweteka ndikamapanikiza mawaya, ndipo ndikachuna bwino m'mawa, pofika madzulo yatsika. Ndinkati ndi mawaya otha, ndinagula ena. Ayi ndithu. Tsiku lina ndinatenga rula ya mwana n'kuyeza mpata wa pakati pa waya wamkulu ndi kachitsulo ka nambala 12 pakhosi. Pamayenera kukhala mamilimita awiri ndi theka kapena atatu. Panali asanu. Nditayang'ana buliji, kathabwa kamene mawaya amamangikapo pamimba pa gitala, ndinaona kuti kumbuyo kwake kwadzuka. Ndinalowetsa kona ya pepala la m'kope, linalowa ngati mulibe kanthu.

Mawaya achitsulo asanu ndi limodzi amakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, usana ndi usiku. Guluu akafewa ndi kutentha, buliji imayamba kugonja pang'onopang'ono. Ndinamasula mawaya onse usiku womwewo, m'mawa ndinakwera minibasi, gitala ili pamiyendo njira yonse kudutsa pa Thabwa mpaka kukwera phiri, poopa kuti kondakitala angaiike pansi pa matumba a makala.

Okonzawo, mdala wa imvi amene amakonza zida za makwaya, sanayambe ndi buliji. Analowetsa kagalasi pa bowo, n'kuwalitsa tochi ya foni, kenako anandiitana kuti ndione ndekha. Pansi pa thabwa panali manati awiri. Wina kale anaboola buliji, n'kuimanga ndi mabawuti ngati chitseko, mitu yake n'kuibisa ndi timadontho toyera tooneka ngati zokongoletsa. Thabwa lozungulira manatiwo linali litatupa. Kenako anaipendeketsa padzuwa. Pamwamba ponse panali mizere ya burashi, ndipo vanishi anali atadontha mpaka m'mphepete mwa bowo ndi pa lamba woyera wa m'mbali. Vanishi wa mipando, alamu! Kumutu nakonso, pambali pa makiyi ochunira panali timabowo ta masikuluwu topanda ntchito, kusonyeza kuti makiyi oyamba anachotsedwa.

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene osonkhanitsa amayang'ana. Ife tikaona chinthu chonyezimira timati chasamalidwa. Iwo akufuna penti yoyamba, ngakhale itang'ambikang'ambika tizingwe ngati dothi la kudimba madzi a Shire akaphwa, ngakhale itaperepeseka pamene mkono umatsamira. Ming'alu imeneyo ndi umboni woti palibe amene anaikhudza. Gitala yofunidwa ikapakidwa penti yatsopano, mtengo umatha kugwa ndi theka, ndipo khosi lothyoka n'kulumikizidwa limagwetsanso chimodzimodzi. Pa magitala a magetsi amafika potsegula m'kati kuti awerenge manambala a pa tozungulira ta volyumu: 137 ndi fakitale ya CTS, manambala otsatira amanena chaka ndi sabata. Akaona kuti mtovu wolumikizira mawaya ndi watsopano, amadziwa kuti munalowa munthu. Zimene ine ndinaziona ngati ukhondo ku Limbe kuja, kunyezimira kuja, ndiye chilema chake chenicheni.

Mdala uja anachotsa mabawuti, anatseka mabowo ndi timitengo, anapala guluu wakale, n'kumata buliji mwatsopano, kuipanikiza ndi zotsinira. Inakhala kumeneko sabata ziwiri. Vanishi anati ndimusiye, chifukwa chikopa cha pamwamba pa thabwa lomatikiza n'chopyapyala, msasa ukhoza kuchiboola. Anagonekanso rula yaitali pakhosi kuti aone pamene nsonga yake ifike. Imayenera kufika pamwamba pa buliji, koma inagunda mmunsi pang'ono. Ndiye kuti khosi layamba kuwerama ndi ukalamba, ndipo tsiku lina lidzafunika kulichotsa n'kulikhazikanso, ntchito yodula kuposa iyi. Pakali pano mpata uja wabwerera pa mamilimita atatu. Ndaika mawaya opepuka, ndipo gitala ikugona m'bokosi lake pansi pa bedi, kutali ndi malata.

Ndiye maganizo anga amasinthasintha. Lamlungu ikalira pa nyimbo ya chopereka, amayi akumbuyo n'kuyamba nthungululu, ndimati K420,000 sinapite pachabe. Ndikakumbukira manati aja, mtima umawawa, chifukwa ndinalipira mtengo wa gitala yosakhudzidwa. Mdala uja anati iye akanakhala wogula sakanapitirira K250,000.

Ndinawatumizira a ku Limbe aja zithunzi za manati ndi vanishi. Poyamba anati kutentha kwa kuchigwa ndi kumene kwawononga, ngati kuti dzuwa la ku Nchalo limadziwa kumanga mabawuti. Kenako anati nawonso anaigula ili choncho, ndipo mwina n'zoona. Takangana masiku atatu, avomera kubweza K60,000. Atumiza K30,000 pa foni Lachiwiri, yotsalayo akuti kumapeto kwa mwezi. Ikafika ndidzawakhululukira, ikapanda kufika ndikwera nayo gitala mpaka pakhomo pawo, manati awiri aja ali m'thumba la malaya.