Eka ya masikweya mita 4,000 kapena ya 4,047?

Pogula malo, wogulitsa akati ndi maeka awiri ndi theka ndipo sikweya mita iliyonse ndi ndalama 1,500, muli ndi njira ziwiri zowerengera.

Yoyamba ndi yapamtima: eka imodzi mumaitenga ngati masikweya mita 4,000. Maeka 2.5 akupatsani 10,000, ndipo mukachulukitsa ndi 1,500 mtengo ukhala 15,000,000. Ndi yachangu, yabwino pamene mukungofuna kudziwa ngati thumba lanu lingakwanitse.

Koma eka yeniyeni ndi masikweya mita 4,046.86, omwe ambiri amangoti 4,047. Tsono maeka 2.5 aja ndi masikweya mita 10,117.5, ndipo mtengo wake ndi 15,176,250. Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi 176,250. Ndalama imeneyi ndi ya kachigawo ka malo kotalika pafupifupi mamita 12, mulifupi mamita 10, pokwana kumangapo nyumba. Njira yapamtima imapana wogulitsa, ndipo malo akamakula, chotayika nacho chimakula.

Ine pa pangano lolembedwa sindingalole 4,000. Ndimafunanso kuti tichulukitse kaye zonse, kudula manambala otsalira kubwere kumapeto.

Chenjeraninso ndi 10,000 uja: ndi hekitala imodzi ndendende, yomwe ndi maeka 2.47, osati 2.5. Mukaona pa pepala eka imodzi ikutuluka masikweya mita 10,000, dziwani kuti wina wasokoneza eka ndi hekitala, ndipo mulipira pafupifupi kawiri ndi theka.