Wa panja ndi wa geti ndi penti weniweni, koma za chipinda chachinyezi musamvere wa pa kauntala

Ndikadakhala kuti ndikupereka nyenyezi mu Januwale muja, shopu ya hadiweya imeneyi ikadapeza imodzi, nayonso yongowamvera chisoni. Dzina lake sinditchula, a ku Zomba mukudziwa kuti mashopu otere m'tauni muno ngowerengeka. Tidagulako penti wa nyumba yonse ku Matawale: wa makoma a panja, wa geti, ndi wa chipinda chakumbuyo chomwe chidayamba kale kutivuta ndi chinyezi. Mitengo yake simukufunika kuuzidwa, bigiri imodzi ya malita 20 masiku ano munthu umayamba wapuma kaye usanatulutse ndalama.

Chipinda chimenecho chili mbali ya kumtunda, komwe madzi amatsetserekera kuchokera kwa aneba. Chaka chilichonse mvula ikakhazikika, khoma linkada kuyambira pansi mpaka cha m'mawondo, pamwamba pa mzere wakudawo n'kumatuluka tiufa toyera ta mchere. Zonsezi ndidamufotokozera mnyamata wa pa kauntala, chithunzi cha pa foni n'kumuonetsa. Sadayang'ane n'komwe kawiri. Adangoti, "Mayi, pamenepo pakufunika gulosi wamafuta. Mukapaka makoti awiri madzi sadutsanso, nkhani yatha." Ndidamufunsa ngati sipafunika china choyambira pansi, iye n'kundiseka kuti amisiri amangofuna kundidyera ndalama. Adalankhula motsimikiza ngati khomalo adamanga ndi iye.

Tidapaka mu Okutobala, kukutentha, khoma likuoneka louma gwa. Kunena zoona chipinda chidawala. Mvula itagwa ya Disembala yonse, gulosi uja adayamba kutupa matuza, ena aakulu ngati chikhatho. Ukaboola limodzi ndi msomali munkatuluka madzi, kuseri kwake pulasitala ali wofewa woti n'kumukanda ndi chala. Pena penti adasanduka wonanda, woterera ngati sopo wonyowa. Chomwe chidandikwiyitsa kwambiri n'chakuti mzere wa chinyezi uja, womwe zaka zonsezi unkathera m'mawondo, udakwera kufika m'chiuno. Zovala za m'kabati yotsamira khomalo zidachita chuku, nsapato zachikopa zidamera ubweya wobiriwira. Ndiye kuti tidalipira ndalama kuti vuto likule.

Nditabwerera ku shopu, mnyamata yemweyo adati wolakwa ndi wopenta, kuti mwina adathira palafini. Sadathire, ndidalipo zitini zikutsegulidwa. Kenaka adati ndigule zitini zina ziwiri tipake koti yachitatu. Apa m'pamene mawu anga adakwera mpaka anthu ogula misomali adasiya zogula n'kumationerera.

Phokoso limenelo ndi lomwe lidatulutsa bambo wina wachikulire yemwe amakhala kumbuyo kosungira katundu, amene amasakaniza mitundu ya penti. Adaona chithunzi, n'kufunsa funso lomwe mnyamata uja sadafunse: kunja kwa khomalo dothi lafika pati? Loweruka lake adabwera okha kunyumba pa kabaza, osalipiritsa kanthu. Apa ndiye mtima wanga udayamba kutsikako.

Adatenga kapepala ka pulasitiki koonekera mkati, kukula kwake ngati tsamba la kope, n'kukamata pakhoma pomwe tidapala penti, mbali zonse zinayi ndi tepi kuti mpweya usalowe. China adamata ku bafa, komwe kudenga ndi m'makona mudali madontho akuda. Adati tisakhudze masiku awiri. Titayang'ana, ka kuchipinda kadali ndi madontho a madzi kunsi kwake, mbali yokhudza khoma. Ka ku bafa kadali kouma kunsi, konyowa pamwamba. Iwo adati, "Mayi, matenda awiri osiyana awa. Ku bafa madzi akuchokera mu nthunzi ya osamba, penti wabwino ndi windo lotsegula zithana nazo. Kuchipinda kuno madzi akuchokera m'nthaka, akukwera m'njerwa. Amenewa palibe penti wa m'shopu mwathu kapena shopu ina iliyonse amene angawaletse."

Adafotokoza kuti njerwa zootcha zimamwa madzi kuchokera pansi, ndipo madziwo amakwera mpaka pomwe akutha kuuma n'kutuluka ndi mpweya. Penti wamadzi yemwe adali pakhomapo kale ankalola khoma kupuma, n'chifukwa chake mzere unkathera m'munsi. Gulosi adatseka njira yotulukira, madzi n'kukwera kukafuna potulukira pamwamba, otsalawo n'kumakankha penti kuchokera kuseri. Kunanda kuja adati ndi simenti yonyowa: ili ndi ukali womwe umadya penti wamafuta akapakidwa popanda pulaima woteteza. Titazungulira kunja tidapeza dothi la dimba la maluwa litakwiririka kupitirira pulasitiki wakuda wa pa fondeshoni, yemwe ntchito yake n'kuletsa madzi kukwera. Madzi a padenga nawonso ankagwera pomwepo, popanda ngalande yowatengera kutali.

Ntchito yeniyeni idachitika mvula itatha, ndipo yambiri sidali ya penti. Tidakumba dothi mpaka lidatsika mizere iwiri ya njerwa kunsi kwa pulasitiki uja, pafupifupi masentimita 15, tidawaka kakhonde ka simenti kopendekera kunja, ndi ngalande yopititsa madzi kumsewu. M'kati tidagumula pulasitala yense wovunda mpaka masentimita 30 pamwamba pa mzere wa chinyezi, njerwa n'kuzisiya pamtunda kuti ziume mawindo ali otsegula. Mchere woyera ukatuluka tinkauchotsa ndi bulashi youma. Adatiletsa kutsuka ndi madzi, ati umasungunuka n'kubwerera m'njerwa momwemo. Pulasitala watsopano adathiramo mankhwala oletsa madzi, ndipo tidadikira milungu inayi yathunthu tisadapake kalikonse. Kudikira kumeneku n'kowawa, chipinda chili mbuu, alendo akufunsa ngati ndalama zidatha. Kenaka koti imodzi ya pulaima wa pulasitala, pamwamba pake makoti awiri a penti wamadzi wosawala. Dzinja lathali ladutsa, khoma silidatupe paliponse. Pakona imodzi pali kamthunzi kotuwa, koma ukagwira mpouma.

Ku bafa kudali kosavuta. Tidatsuka chuku ndi jiki, kapu imodzi ku makapu anayi a madzi, osasakaniza ndi mankhwala ena alionse otsukira chifukwa mpweya wake ngoopsa. Litauma tidapaka akiriliki wowala pang'ono, wotheka kupukuta ndi nsalu, yemwe pachitini adalemba kuti ali ndi mankhwala oletsa chuku. Mukangopaka pamwamba pa madontho akuda osawapha kaye, amatulukiranso pa penti watsopanoyo.

Tsono ndinene chilungamo pa zina zomwe ndidagula, poti si zonse zidali zoipa. Penti wa panja ndi wabwino. Ndidatenga akiriliki wolembedwa kuti ngwa kunja, osati PVA wotchipa yemwe anthu ambiri amapaka pa mipanda kuti asunge ndalama. Kusiyana kwake ndimakuona tsiku lililonse, chifukwa mpanda wa kutsogolo adapaka PVA wotere eni nyumba akale: ukatsamira umachoka ndi ufa pa malaya, ndipo mbali yosawomba dzuwa idachita ndere. Ufa umenewo pa makoma a nyumba tidayamba tautsuka ndi bulashi yolimba, apo ayi penti watsopano akadagwira ufa m'malo mogwira khoma. Koti yoyamba wopenta adathira madzi pang'ono, lita imodzi pa malita 10, yachiwiri osathira. Ndimanena izi chifukwa alipo amisiri amene bigiri imodzi amaisandutsa ziwiri, mwini nyumba n'kumasangalala kuti penti wakwanira, chaka chisanathe khoma layera. Wathuyu wapirira mvula ya ku Zomba kawiri tsopano, ndipo amene mumakhala kunsi kwa phirili mukudziwa kuti ikayamba simasewera.

Geti ndiye landidabwitsa. Lidali ndi dzimbiri m'munsi monse ndi m'malo owotcherera, moti ndinkaganiza zogula lina. Pano mnyamata uja adandipatsa zoyenera, kaya mwangozi kaya adauzidwa: redi okusaidi woyambira pa chitsulo kuteteza dzimbiri, andakoti wopaka pakati, ndi gulosi wakuda. Gulosi yemweyo amene adaononga chipinda, pa chitsulo ndiye kwawo. Wopenta adatha tsiku lonse akupala ndi bulashi yawaya ndi sandipepala mpaka chitsulo chidayamba kuoneka, n'kupukuta fumbi ndi mafuta, n'kupaka redi okusaidi tsiku lomwelo chisadagone pa mame. M'malo owotcherera ndi m'munsi adabwereza kawiri. Gulosi adapaka mopyapyala, koti imodzi lero ina mawa, chifukwa ukaunjika amayenderera ndipo amauma pamwamba pokha, m'kati ali phala. Ankayamba dzuwa litakwera, mame atauma. Bambo achikulire aja atabwera adaonjeza kanzeru kena: adauza wowotcherera kuti aboole timabowo kunsi kwa mapaipi a geti, poti madzi amalowa m'kati n'kumadya chitsulo kuchokera komwe bulashi siifika. Titaboola mudatuluka madzi ofiira odzadza kapu. Adachenjezanso kuti geti likakhala la chitsulo chonyezimira chokutidwa ngati malata, redi okusaidi wamba sagwira bwino, chimafuna pulaima wakewake.

Ndalama ya gulosi wa kuchipinda sadandibwezere. Mwini shopu adangondichotserako pang'ono pa pulaima, n'kunena kuti katundu wotsegula sabwezedwa, ngati kuti ndidadzisankhira ndekha. Mnyamata uja adakalipo pa kauntala, ndipo sabata yatha ndidamumva akuuza bambo wina wa ku Chinamwali mawu omwe aja a makoti awiri a gulosi. Ndidalowererapo, adandiyang'ana moipa, zake zimenezo.

Ndikupereka nyenyezi zitatu. Katundu wawo ndi weniweni, zitini zimabwera zomata bwino, mtundu womwe mwasankha ndi womwe umatuluka pakhoma. Za panja ndi za geti gulani osaopa. Koma ngati khoma lanu limada m'munsi nthawi ya mvula, matani kaye kapulasitiki kaja masiku awiri, muzungulire kunja muone pomwe dothi lafika, ndipo mukafika pa shopupo mudutse pa kauntala mukafunse bambo osakaniza mitundu aja.