Buku la kuchipatala, zithunzi za mufoni kapena kope, zotsatira za kulabu tizisunga pati?

Amene tili ndi shuga kapena bipi timayezetsa magazi chaka ndi chaka, koma pepala la chaka chimodzi palokha silinena zambiri. Tiyerekeze bambo wina, kiriyatinini wake, uja amasonyeza mmene impso zikusefera magazi, anali 74 mu 2021, 85 mu 2022, kenako 97, pano 108. Malabu ambiri kwa mwamuna malire amathera cha pa 110, ndiye chaka chilichonse amuuza kuti zili bhobho, chonsecho nambala ikungokwera. Zimenezi mumaziona pokhapokha manambala anayiwa ali pa tsamba limodzi.

Buku la kuchipatala lija silotaya, adokotala amalikhulupirira ndipo mankhwala onse ali momwemo. Koma zotsatira zimabalalika, china tsamba ili china patsogolo uko, likadzadza mwagula lina lakale latsala kumudzi. Timapepala tina ta makina tija timafufutikanso, pakapita nthawi mungopeza pepala loyera.

Zithunzi za mufoni zimathandiza pamenepo, jambulani tsiku lomwelo deti ndi dzina la labu zikuoneka. Koma kuti muone ngati nambala ikukwera, ayi ndithu, mukhala mukuseweretsa chala pakati pa zithunzi za ukwati ndi za maliro kusaka cha 2022, foni ikabedwa basi zapita ngati simunazitumize ku imelo.

Ine ndimakonda kope wamba. Tsamba limodzi mayeso amodzi, mizere isanu: deti, nambala, muyeso wake, labu, ndi zomwe zinkachitika nthawi imeneyo. Mzere wa muyesowo osaudumpha chonde, chifukwa labu ina ilemba 97 µmol/L ina ilemba 1.1 mg/dL, munthu nkuganiza kuti zatsika kwambiri pomwe ndi chimodzimodzi, mungochulukitsa ya mg/dL ija ndi 88.4. Pa shuga mumachulukitsa ya mmol/L ndi 18, ndiye 7 mmol/L ndi 126 mg/dL, mulembenso ngati munayezetsa musanadye. Mzere womalizawo ndi umene adokotala amaufuna, kutsegula m'mimba kapena malungo zimatha kukweza kiriyatinini kwa kanthawi, ngakhale ma ARV ena amamukweza pang'ono mukangoyamba kumwa impso zili bwinobwino. Ndiye musasiye mankhwala panokha poona nambala, tengani kopelo mukawaonetse.

Excel kapena Google Sheets imaposa kope pa zinthu ziwiri, imajambula girafu komanso imasintha muyeso yokha, mwachitsanzo kiriyatinini wa mg/dL amene ali mu B2 kupita ku µmol/L:

```
=B2*88.4
```

Ngati mumayezetsa zambiri, HbA1c uja amasonyeza shuga wa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, mafuta a m'magazi, chiwindi, ndiye iyi ndiyabwino. Kungoti kulemba pa kafoni nkotopetsa, ambiri amasiyira panjira, komanso pamzere wa kuchipatala adokotala alibe nthawi yodikira netiweki. Mukasankha imeneyi muzipulinta tsamba limodzi nkulipinda mkati mwa buku la kuchipatala.