Zofufutidwa kugwero: kuika chizindikiro kapena kuwerenganso makiyi onse?

Ambiri amakopera deta usiku kuchoka kugwero, komwe imalembedwa poyamba, kupita kolandirira ndi `WHERE updated_at > :last_sync`, kutenga mizere yokhayo yomwe yasintha chikopereni komaliza. Vuto lake, mzere wofufutidwa sunena kuti wachoka. Oda 4417 ikachotsedwa m'sitolo, kopi yake imatsalabe kosungira malipoti, ndipo malonda a mweziwo amaoneka ochuluka kuposa enieni.

Njira yoyamba yothetsera vutoli ndi kusafufuta kwenikweni, koma kuika chizindikiro pamzerewo. Mumalemba nthawi mu `deleted_at`, n'kusinthanso `updated_at`, kuti kukopera kotsatira kuutenge mzerewo n'kuubisa kolandirira. N'njotchipa komanso yachangu, koma imadalira mwambo. Munthu mmodzi akangolemba `DELETE` pamanja, mzerewo wapita mwakachetechete. Komanso kasitomala akapempha kuti zambiri zake zichotsedwe, kubisa sikukwanira.

Yachiwiri ndi kutenga makiyi onse akugwero, omwe amazindikiritsa mzere uliwonse, n'kuwayerekeza ndi akolandirira. Omwe kugwero kulibe, afufutidwe. Imagwira chilichonse, ngakhale zochotsedwa pamanja, ngakhale imalemera tebulo likakula. Choopsa chake chimandidetsa nkhawa kwambiri: kukoka makiyi kukadukira pakati, mizere yabwinobwino imaoneka ngati yochotsedwa. Choncho ntchitoyo iime yokha ngati ofufutidwa achuluka modabwitsa.

Ine ndimasankha chizindikiro tsiku lililonse, kuyerekeza makiyi kamodzi pamlungu.