Streamlabs, PRISM ndi Larix: iti ikuyenera wofuna kuulutsa gemu pa YouTube ndi foni yokha?

Foni imene ikuulutsa gemu pompopompo imagwira ntchito zitatu nthawi imodzi: imayendetsa gemuyo, imajambula zonse zooneka pa sikirini n'kuzipanikiza kukhala vidiyo, ndipo imatumiza vidiyoyo pa netiweki mosalekeza. Amene ali ndi kompyuta amagawa ntchitozi pa makina awiri, koma ife a foni imodzi timazisenzetsa zonse pa purosesa ndi batire lomwelo. Ndiye posankha pulogalamu youlutsira, funso loyamba likhale lakuti ikuwonjezera katundu wochuluka bwanji pa foni imene yalemedwa kale. Omlet Arcade, imene ambiri tinaizolowera, inatsekedwa mu 2023, ndipo pulogalamu ya Facebook Gaming inatsekedwa mu 2022, choncho zimene ndikuyerekeza pano ndi Streamlabs, PRISM Live Studio ndi Larix Screencaster.

Tisanafike pa mapulogalamuwo, YouTube ili ndi zofuna zake. Tchanelo chiyenera kutsimikizidwa ndi nambala ya foni, ndipo mukapempha koyamba chilolezo choulutsa pompopompo mungadikire mpaka maola 24. Kuulutsa kudzera mu pulogalamu ya YouTube yeniyeniyo kumafunanso kuti anthu olembetsa ku tchanelo chanu akwane 50, zimene zimakhumudwitsa oyamba kumene.

Streamlabs, ya kampani ya Logitech, ndi imene ili ndi zinthu zambiri. Mumalowa ndi akaunti yanu ya YouTube, n'kulemba mutu wa vidiyo yanu, ndipo imatha kuika pa vidiyo zidziwitso zoonetsa kuti wina walembetsa kapena wapereka mphatso, komanso mauthenga a oonera. Kwa munthu amene ali ndi omutsatira kale ndiponso foni yamphamvu, zimenezi n'zothandizadi, chifukwa oonera amakonda kuona dzina lawo likutulukira. Koma chokongoletsa chilichonse chimajambulidwa ndi foni yomweyo imene ikulimbana ndi gemu, ndipo zina, monga kuulutsa ku malo angapo nthawi imodzi, zili m'gawo lolipira lotchedwa Ultra. Pa foni ya RAM ya 4 GB sindingayambire pamenepa.

PRISM Live Studio, ya kampani ya ku South Korea yotchedwa Naver, ili pakatikati. Nayonso mumalowa ndi akaunti, mumatha kuwerenga zimene oonera akulemba gemu ili mkati, ndipo imatha kutsitsa yokha kuchuluka kwa deta imene ikutumiza netiweki ikafooka. Kwa ambiri amene akufuna kucheza ndi oonera popanda kulowa m'makonzedwe ovuta, iyi ndi imene ndingawalozere.

Larix Screencaster ndi yosiyana ndi ziwirizi. Simulowa ndi akaunti, ilibe zokongoletsa, ndipo ntchito yake ndi kutenga sikirini ndi mawu n'kuzitumiza ku adiresi imene mwaipatsa. Adiresiyo mumaipeza potsegula studio.youtube.com mu Chrome, n'kusankha Desktop site, kenako kupita pa tsamba loulutsira n'kukopera Stream key. Kiyiyo mumaiika kumapeto kwa adiresi motere:

```
rtmp://a.rtmp.youtube.com/live2/KIYI-YANU
```

YouTube imalandira vidiyo yobwera m'njira imeneyi monga yochokera ku makina oulutsira, ndipo lamulo la olembetsa 50 siligwira. Kiyiyo musaionetse pa sikirini ngakhale pang'ono, popeza aliyense amene waipeza angaulutse pa tchanelo chanu. Choipa cha Larix n'chakuti mauthenga a oonera simuwaona, ndipo pa foni yaing'ono kukonza zonsezi pa tsamba lopangidwira kompyuta n'kotopetsa tsiku loyamba. Komabe kupepuka kwake ndi kumene kumapulumutsa foni yofooka.

Tiyeni titenge munthu amene akufuna kuulutsa Free Fire pa foni ya RAM ya 4 GB, ndipo atayesa netiweki wapeza kuti imatumiza 4 Mbps. Chofunika pano ndi liwiro lotumiza, limene Speedtest imalemba kuti Upload, osati lolandira limene anthu amakonda kunyadira. Nzeru ndi kugwiritsa ntchito pafupifupi theka, kuti gemu nayo ipeze podutsa. Choncho aike Bitrate, kapena kuti kuchuluka kwa deta yotumizidwa pa sekondi, pa 2000 kbps, vidiyo pa 720p, zithunzi 30 pa sekondi, ndipo Keyframe pa masekondi awiri monga YouTube imalangizira. Akaphatikiza 128 kbps ya mawu, pa ola limodzi atumiza pafupifupi 960 MB, kutanthauza kuti bandulo ya 1 GB itha ola litangodutsa. Akakweza kufika pa 4000 kbps, ola lomwelo lidya pafupifupi 1.9 GB, ndipo netiweki yakeyo siingakwanitse n'komwe. Masamu amenewa ndi amodzimodzi m'mapulogalamu onse atatu, koma Larix imapereka ufulu wochuluka wolemba manambala enieniwo, pamene kuulutsa ku malo angapo n'chinthu chimene munthu wotereyu ayenera kuchisiya kaye.

Zinthu zikayamba kuvuta, m'pofunika kusiyanitsa vuto la netiweki ndi vuto la kutentha, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Ngati gemu ikuyenda bwino m'manja mwanu koma oonera akudandaula kuti chithunzi chikuima kapena chikusanduka timabokosi, ndiye kuti netiweki yachepa, ndipo mutsitse Bitrate. Ngati gemu yeniyeniyo yayamba kudodoma patapita nthawi, kumbuyo kwa foni pafupi ndi kamera kwatentha, ndipo sikirini yadzichepetsa kuwala yokha, ndiye kuti purosesa yadzibweza liwiro podziteteza. Apa kutsitsa Bitrate sikuthandiza kwenikweni. Tsitsani ubwino wa zithunzi m'gemu momwemo, vulani kava ya foni, zimitsani kamera yoonetsa nkhope yanu, ndipo pewani kutchaja uku mukuulutsa, popeza kutchaja kumawonjezera kutentha. Vuto lachiwirili ndi limene limasiyanitsa kwambiri mapulogalamu atatuwa, chifukwa pulogalamu yolemera imafikitsa foni pa kutentha kumeneko msanga.

Pa nkhani ya mawu, malire amaikidwa ndi foni, osati pulogalamu. Kujambula mawu a m'kati mwa gemu kunaloledwa kuyambira pa Android 10, choncho pa foni yakale kuposa pamenepo oonera amangomva zimene maikolofoni yatola kuchokera ku sipika, pamodzi ndi phokoso lonse la pakhomo. Ngakhale pa foni yatsopano, mawu a anzanu amene mukulankhulana nawo m'gemu nthawi zambiri safika kwa oonera, chifukwa Android silola kuti mawu a kukambirana ajambulidwe m'njira imeneyi, ndipo gemu ikatenga maikolofoni, mawu anu angazime pa vidiyo inu osadziwa. Kusintha pulogalamu sikuthetsa zimenezi. Chothandiza ndi kuyamba mwaulutsa kwa mphindi zochepa vidiyo ili pa Unlisted, kuti ioneke kwa okhawo amene ali ndi linki yake, gulu lanu likulankhula, kenako n'kumvetsera zimene zajambulidwa.

Mapulogalamu onse atatu amaonetsa chilichonse chotulukira pa sikirini, kuphatikizapo uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money ndi manambala achinsinsi otsimikizira akaunti, ndiye yatsani Do Not Disturb musanayambe, ndipo onetsetsani kuti ikubisadi mauthenga otulukira pamwamba. Kwa mwini foni ya 4 GB uja ndingasankhe Larix, makamaka ngati tchanelo chake n'chatsopano ndipo oonera sanayambe kulemba zambiri. Oonera akachuluka moti kusawayankha kwayamba kuwathamangitsa, asamukire ku PRISM ndi manambala omwewo a 720p ndi 2000 kbps, n'kuona ngati foni ikupirira ola lathunthu osadodoma.