Fonti ya Oswald pa positala ya kwaya: patha miyezi isanu ndi iŵiri

"Achimwene, zilembo munasankha zija zikugwirabe ntchito? Ine ndikalemba Loŵeruka pa positala yathu, pa ŵ pakubwera kabokosi."

Zikugwirabe, achemwali, ndipo positala ija ndaisintha kasanu osasiya fonti ya Oswald. Ili ndi kachilema kamodzi, ndikuuzani, koma tiyambe ndi kabokosi kanuko.

Positala ya kwaya yathu anaikonza mnyamata wina amene anasamuka kalekale, ndipo anatisiyira chithunzi cha JPG chokha. Mutu wake uli ndi zilembo zazitali zopanikizana, ine ntchito yanga ndi kungowonjezera tsiku, nthaŵi ndi malo m'munsi. Poyamba ndinatenga fonti yaulere pa intaneti yofanana ndi mutuwo ngati mapasa. Nditalemba "Loŵeruka, nthaŵi: 2 koloko masana", pa kompyuta zinaoneka bwinobwino. Titasindikiza papepala lalikulu ndi pamene ndinaona kuti ŵ yekha ndi wowonda komanso wotambalala, ngati mlendo amene waima pakati pa oimba ovala yunifolomu. Fontiyo inalibe chilembochi, ndiye pulogalamu inakabwereka kwa fonti ina osandiuza. Yanuyo yachita bwino kukuonetsani kabokosi, vuto mwalidziŵa musanalipire osindikiza.

Gwero lake ndi lakuti fonti zambiri zokongoletsa zimathera pa zilembo za zilankhulo za kumadzulo kwa Ulaya. Muzipeza â, ê, ô ndi û, nkuganiza kuti kachipewa kalipo. Koma ŵ ali m'gulu lina lotchedwa Latin Extended-A, nambala yake ndi U+0175, ndipo wamkulu Ŵ ndi U+0174. Ku Ulaya chilembochi amachigwiritsa ntchito ndi anthu a ku Wales, choncho fonti imene imalemba chilankhulo chao imatikwanira nafenso.

Kuchokera tsiku lija, fonti iliyonse ndimaiyesa kaye ndi mzere uwu:

```
MALAŴI kwaya Loŵeruka nthaŵi ng'oma pang'ono
```

Ndimaukulitsa mpaka udzaze sikirini, nkuyerekeza ŵ ndi w wamba. Miyendo yao iyenera kukhala yofanana kunenepa, msinkhu ndi kupendekeka. Ikasiyana, ndiye kuti wabwerekedwa. Ngati kiyibodi yanu ilibe ŵ, mu Word siyani kaye mpata, lembani `0175`, dinani `Alt+X`, kenako mumukopere kumene mukumufuna. Musachite zimene ndinayesa ine, zotenga ^ nkumukankhira pamwamba pa w. Mukangosuntha mzere pang'ono, kachipewako kamatsalira pa chilembo china.

Oswald inakhoza mayesoŵa m'makulidwe onse amene ndimagwiritsa ntchito, ndipo imapezeka yaulere pa Google Fonts. Siyofanana ndendende ndi mutu wakale uja, R wake ndi wosiyana, koma kwa miyezi yonseyi palibe wa mumpingo amene wafunsapo, pomwe ŵ wowonda uja ngakhale amayi asungichuma anamuona. Ine ndimati bola fonti yosiyanako pang'ono yokhala ndi zilembo zonse. Mau ang'onoang'ono, monga a mtengo wa pakhomo, ndimalemba ndi Open Sans chifukwa zilembo zopanikizana zikachepa zimavuta kuŵerenga uli patali.

Tsopano chilema chija. Oswald ndi yaitali kale, ndiye mukalemba ndi zilembo zazikulu zokhazokha, mizere nkukhala yothinana, kachipewa ka Ŵ kamagunda mzere wapamwamba. Mwezi wachitatu ndinalemba MAŴA LOMWE pansi pa dzina la kwaya, kachipewa nkukaloŵa m'mwendo wa K, kumaoneka ngati dontho la inki. Pa zilembo za mapointi 60 ndinali nditasiya mpata wa mizere pa 60 pomwepo. Nditaukweza kufika pa 72 zinamasuka, ngakhale kuti ndinachita kuchotsa mau aŵiri kuti zonse zikwane pamalo ochepa amene mnyamata uja anasiya.

Nkhodolero ya ng' nayo muziiyang'ana. Ilipo yowongoka ndi yopindika, ndipo mau okopera ku WhatsApp nthaŵi zambiri amabwera ndi yowongoka pomwe Word amaipinda yekha. Pa positala imodzi ndinapeza "ng'oma" ndi "pang'ono" zili ndi nkhodolero zosiyana. Sankhani imodzi basi.

Kwa osindikiza musamapite ndi fayilo imene ikhoza kusinthidwa. Kamodzi ndinatero, kompyuta yao inalibe Oswald, mzere wonse nkusanduka Arial mpaka kusefukira pankhope ya wotsogolera kwaya. Panopa ndimasandutsa mau kukhala zojambula, mu CorelDRAW ndi `Ctrl+Q`, kenako ndimatulutsa PDF. Kumbukirani kusunga fayilo ina imene mau ake sanasandutsidwe, chifukwa mau akasandutsidwa simungakonzenso tsiku, ndipo kwathu kuno abusa amalisintha Lachinayi madzulo.