Chigongono cha tenisi: jakisoni, mafizo kapena kungodikira?

Ululu wa kunja kwa chigongono umene madokotala amautcha chigongono cha tenisi umagwiranso akalipentala, amakanika ndi ena oti tenisi sanaisewerepo. Umamveka pofinya chovala, ponyamula ketulo, ngakhale pogwirana chanza. Chimene chavulala ndi mtsempha umene umamangirira ku fupa la chigongono minofu yotukula dzanja. Kale ankati mtsemphawu watupa, koma atauunika pa maikulosikopu anapeza kuti waperepeseka: ulusi wake wabalalika ngati chingwe choyamba kumasuka, pamene zizindikiro za kutupa n'zochepa kwambiri.

Jakisoni wa kotizoni ndi mankhwala a kutupa. Ululu amauziziritsa msanga ndithu, koma ulusi uja saukonza. Ku Netherlands, kafukufuku amene anatuluka mu 2002 anagawa odwala 185 m'magulu atatu. Patatha milungu 6, obayidwa jakisoni 92 pa 100 alionse anali atapeza bwino, a mafizo 47, ongodikira 32. Aliyense akanasankha jakisoni. Koma chaka chitatha zinatembenuka: a jakisoni 69, a mafizo 91, ongodikira 83.

Mwina wina anganene kuti zinangochitika. Ku Australia mu 2013 anayerekeza kotizoni ndi jakisoni wa madzi a mchere chabe. Ululu unabwerera mwa 54 pa 100 a kotizoni, pamene a madzi a mchere unabwerera mwa 12 okha.

Mafizo nawo tisawakokomeze. Pomatha chaka amangoposa kudikira pang'ono. Phindu lake lalikulu ndi la m'milungu yoyamba, ndipo sakusiyirani vuto la kubwerera kwa ululu lija. Kachitidwe kofala ndi aka. Gonekani mkono pa tebulo, dzanja litulukire m'mphepete chikhatho chikuyang'ana pansi, mutagwira botolo la madzi lolemera theka la kilogalamu. Tukulani dzanjalo pogwiritsa ntchito linzake, kenako litsitseni lokha pang'onopang'ono. Chitani ka 15, mupume, mubwereze mpaka katatu, tsiku ndi tsiku kwa miyezi ngati itatu. Kuwawa pang'ono pochita n'kololedwa, koma kukacha m'mawa ululu utakula ndiye kuti botolo lalemera, chepetsani madzi.

Pali jakisoni wina wodula, wopangidwa ndi magazi a wodwala yemweyo. Bungwe la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zachipatala, litasonkhanitsa kafukufuku wake mu 2021 silinapeze phindu looneka poyerekeza ndi jakisoni wopanda mankhwala. Opaleshoni nayo, pa kafukufuku wochepa wa ku Australia wa mu 2018, sinapose kungocheka khungu n'kusoka.

Kwa ine kotizoni ndi wa munthu amene ali ndi ntchito yosazengerezeka m'mwezi ukubwerawu, ndipo wauzidwa kuti ululu ungabwerere. Ena tonse ndi bwino kuchepetsa ntchito yofinya, kunyamula zinthu chikhatho chikuyang'ana kumwamba, n'kulimbikira mafizo. Ngati zala zikuchita dzanzi, kapena ululu ukutsika kuchokera m'khosi, kapimitseni, chifukwa mwina vuto si mtsempha umenewu.